Kusiyanitsa magulu olengeza ntchito zenizeni ndi ofalitsa mphekesera

"Ndili m'magulu asanu ndi limodzi olengeza ntchito, ena pa WhatsApp ena pa Facebook. Miyezi inayi yatha ndikutumiza makalata koma palibe wandiyankha, ndipo dzulo wina wandiuza kuti nditumize K10,000 ya fomu. Kodi gulu lodalirika ndingalidziwe bwanji? Bandulo ikungondithera pachabe."

Achemwali, ndalamayo musatumize, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza kumapetoku. Choyamba chofunika kumvetsa n'chakuti gulu la pa foni silipanga ntchito, limangotola chilengezo chimene chinatuluka kwina n'kuchibweretsa pafupi ndi inu. Choncho gulu limayezedwa poona ngati zimene laika mungazilondole mpaka kwa mwini ntchito. Kuchuluka kwa mamembala sikutsimikizira kanthu, pakuti gulu la anthu zikwi zambiri likhoza kukhala lodzaza ndi za m'maluwa, pamene kagulu ka anthu ochepa kangakhale ndi woyang'anira wosamala amene amajambula tsamba la nyuzipepala m'mawa uliwonse.

Kuno kwathu zilengezo zenizeni zimachokera malo odziwika. Makampani ndi mabungwe akuluakulu amaika m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times, pa masamba awo a intaneti, kapena pa bolodi ya pa ofesi yawo. Ntchito zambiri za m'boma zimadzera ku makomishoni monga Civil Service Commission, Health Service Commission, Teaching Service Commission ndi Local Government Service Commission, ndipo maadiresi a pa intaneti a maunduna amathera ndi .gov.mw. Gulu labwino limakuuzani kumene latenga chilengezo, mwina chithunzi cha tsamba lonse chooneka deti lake, mwina linki yopita kwa mwini ntchito. Gulu limene limangolemba mawu lokha n'kumaliza ndi "ofuna zambiri andipeze kumbali" lakubisirani gwero, ndipo kawirikawiri gwerolo kulibe.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi yotopetsa pang'ono koma imachitika kamodzi kokha. Sankhani gulu limodzi, tengani zilengezo khumi zotsatizana, osasankha zokusangalatsani zokha, kenako mufufuze chilichonse kwa mwini wake. Pa Facebook mungathe kubwerera m'mbuyo n'kuzitenga tsiku lomwelo, komanso pa gawo la About mumaona tsiku limene gululo linatsegulidwa ndi mayina amene linasinthapo. Gulu limene chaka chatha linali logulitsirana kaunjika lero n'kukhala la ntchito za mabungwe liyenera kukudabwitsani. Pa WhatsApp ingokhalani phee sabata imodzi mukusunga zimene zikubwera.

Ine ndinayeza motere gulu lina limene mlongo wanga ankalidalira kwambiri. Mwa zilengezo khumi, zinayi ndinazipeza m'nyuzipepala kapena pa tsamba la mwini ntchito monga momwe zinalili. Zitatu zinali mphekesera chabe, zoyamba ndi "akuti boma lilemba aphunzitsi mwezi wamawa, konzani mapepala", zopanda udindo weniweni, tsiku lotsekera kapena kotumiza kalata. Chimodzi sindinachipeze paliponse. Ziwiri zotsalazo n'zimene zinanditsegula maso.

Choyamba mwa ziwirizo chinali cha bungwe lina lodziwika, chofuna anthu otolera mayankho a kafukufuku m'maboma atatu, chili ndi chizindikiro cha bungwelo, Chingerezi chosalala ndi ndandanda wa maphunziro ofunikira. Nditakopera chiganizo chimodzi cha pakati n'kuchiika pa Google, chinatuluka chilengezo chomwecho cha zaka ziwiri zapitazo. Wina anangofufuta tsiku lotsekera n'kulembapo latsopano, ndipo nditakulitsa chithunzicho ndinaona kuti manambala a detilo ndi osiyana kalembedwe ndi mawu oyandikana nawo. Adiresi yotumizira makalata nayonso anaisintha: m'malo mothera ndi dzina la tsamba la bungwelo, inali dzina la bungwelo lotsatiridwa ndi @gmail.com. Mtundu uwu ndi umene umapusitsa ngakhale anthu ophunzira, chifukwa pafupifupi zonse zili m'menemo ndi zoona, bodza lili pa mizere iwiri yokha. Otumiza makalata kumeneko anapereka chiphaso cha unzika, masatifiketi ndi manambala a foni kwa munthu wosadziwika, ndipo patapita masiku ena anaimbiridwa kuti asankhidwa, atumize ndalama ya malo ogona pa nthawi ya maphunziro.

Chachiwiri chinali linki yonena kuti mudzaze fomu kenako muitumize ku magulu asanu kuti dzina lanu lilowe. Wolemba anthu ntchito weniweni safuna kuti mumulengezere musanafunsire. Pa linki iliyonse muziwerenga mawu amene ali kumanzere kwa chizindikiro choyamba cha / chobwera pambuyo pa https://, makamaka kumapeto kwake, chifukwa ndi pamene pali mwini tsamba. Dzina la bungwe likatsatiridwa ndi blogspot.com, ndiye kuti ndi tsamba laulere limene aliyense angatsegule.

Ndichenjezepo apa kuti gmail kapena Google Forms pazokha si umboni wa chinyengo. Sukulu zambiri za pulayiveti, tizipatala ting'onoting'ono ndi malo ogona alendo alibe adiresi yawoyawo, ndipo ntchito zawo n'zenizeni. Zotere muziimba foni pa nambala imene mwaipeza nokha kwina, osati imene ili pa chilengezocho, kapena mupite pamalopo ngati ndi pafupi. Chimodzimodzi mawu akuti Forwarded many times pa WhatsApp amangosonyeza kuti uthengawo wadutsa m'manja ambiri, ndiye amene wauika mwina sakudziwa kumene unayambira. Ukhoza kukhala woona koma tsiku lake linadutsa kale.

Mphekesera zimachuluka kukamayandikira zochitika zofuna antchito ambiri a kanthawi kochepa, monga chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 kapena kalembera wa anthu ngati wa mu 2018, chifukwa aliyense amadziwa kuti anthu adzalembedwadi, ndiye bodza limakwera pamsana pa choonadi. Nthawi zotere ndi pamene mumamuona woyang'anira gulu. Mufunseni mwaulemu kuti chilengezo wachitenga kuti. Wosamala amaonetsa gwero, amachotsa chilengezo chikadziwika kuti n'chabodza ndipo amapepesa pagulu. Amene amafufuta funso lanu kapena kukutulutsani wakuyankhani kale. Kwa ine, gulu limene zisanu ndi ziwiri mwa khumi zapezeka kwa eni ake ndimalisunga, ndipo limene woyang'anira wake waikapo yekha chilengezo chofuna ndalama ndimatulukamo tsiku lomwelo.

Tibwerere ku K10,000 ija. Mabungwe a United Nations amalemba poyera kuti salipiritsa ndalama pa gawo lililonse lolembera anthu ntchito, ndipo olemba ntchito odalirika amachita chimodzimodzi. Ndalama ya fomu, ya yunifomu kapena ya kuyezedwa m'thupi yotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu payekha ndi msampha, ndipo mukatumiza yoyamba imabwera yachiwiri yokulirapo. Jambulani uthengawo pamodzi ndi nambalayo, mukanene ku polisi ndi ku kampani ya foniyo, ndipo muuze woyang'anira gulu limene munauonamo kuti muone chimene achite.