Ndemanga zanu ziziyankha funso limodzi: ofufuza anawerenga anthu ati?

"Abale a m'gulu muno, ndithandizeni. Aphunzitsi atipatsa ntchito yosonkhanitsa kafukufuku wa nkhani zabodza za pa intaneti, ndipo pansi pa chilichonse tilembe ndemanga yaifupi yochiyesa. Ndapeza mapepala ambiri koma ndikungolemba zomwe ananena. Ndisankhe ati, ndipo kuyesako kumachitika bwanji?"

Achemwali, ndakhala ndikuchonga ntchito ngati imeneyi kwa zaka zingapo, ndipo malikisi ambiri amatayikira pamalo amodzi. Wophunzira amafotokoza bwino zomwe ofufuza anapeza, kenako n'kumaliza kuti pepalali ndi lothandiza kwambiri. Kumeneko si kuyesa. Kuyesa ndi kunena kuti anthu amene anawerengedwa ndi ndani, anapezeka bwanji, ndipo ndi funso liti limene pepalalo silingathe kuyankha ngakhale mutalifinya chotani. Ndikuonetseni pa mapepala ochepa amene ineyo ndikanaika.

Yambani ndi limene aliyense amatchula, la Soroush Vosoughi, Deb Roy ndi Sinan Aral a pa yunivesite ya MIT ku America, lomwe linatuluka m'magazini ya Science mu 2018. Anatsatira mmene nkhani zinafalikira pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017, ndipo anapeza kuti nkhani yabodza inali ndi mwayi woposa wa nkhani yoona ndi 70 peresenti woti wina aitumizenso. Kuti nkhani yoona ifike kwa anthu 1,500 inkatenga nthawi yochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Anaonanso kuti maakaunti oyendetsedwa ndi makina ankafulumizitsa zoona ndi zabodza mofanana, ndiye kuti amene ankathamangitsa bodza anali anthu enieni.

Ambiri amalekera pomwepa, koma ntchito yanu ndi pamene ikuyambira. Dzifunseni kuti ofufuzawa anadziwa bwanji kuti iyi ndi yoona, iyi ndi yabodza. Anadalira mabungwe asanu ndi limodzi otsimikiza nkhani, monga Snopes ndi PolitiFact. Tsono bungwe lotere silifufuza nkhani iliyonse. Limafufuza imene yakayikitsa anthu ndipo yayamba kale kumveka. Zotsatira za mpira wa dzulo, kapena nkhani yoti mtsogoleri wina walumbiritsidwa, ndi zoona zimene zimafalikira kwambiri, koma palibe amazifufuza, choncho sizilowa m'chiwerengerocho. Zili ngati kupita kubwalo la milandu, kuwerenga mabanja amene afika kumeneko, kenako n'kunena za maukwati onse a m'boma. Onaninso nambala ya 126,000 imene anthu amaitchula ngati chiwerengero cha nkhani. Imeneyo ndi mizere ya kufalikira, kutanthauza kuti munthu aliyense amene anayambitsa nkhaniyo payekha anawerengedwa ngati mzere watsopano. Nkhani zenizenizo sizinafike 2,500. Kunena chilungamo, ofufuzawo anaona vutoli ndipo anayesanso pa gulu lina la nkhani zimene ophunzira anazitsimikiza, n'kupeza zofanana. Zimenezonso muzilembe, chifukwa ndemanga yabwino simabisa pamene wolemba anadziteteza.

Ndemanga yake ingamveke motere: "Pepalali likuonetsa kuti pakati pa nkhani zokayikitsa zimene mabungwe otsimikiza anafufuza, zabodza zinafalikira msanga komanso kutali kuposa zoona pa Twitter. Mphamvu yake ndi kukula kwa zimene anawerenga ndi kutalika kwa nthawi. Malire ake ndi akuti silikuyerekeza bodza ndi nkhani zoona zonse, ndipo likunena za tsamba limodzi pomwe zolemba zimaoneka poyera, choncho silingatiuze za mauthenga a mawu a m'magulu a WhatsApp. Ndidzaligwiritsa ntchito pofotokoza chifukwa chake nkhani yachilendo imakopa, osati poyeza kuchuluka kwa bodza m'dziko." Mwaona kuti ndi ziganizo zinayi zokha: chimene anapeza, mphamvu, malire, ndi ntchito yake kwa inu.

Pafupi ndi limeneli ikani la Jonas Juul ndi Johan Ugander la mu 2021, m'magazini ya PNAS. Iwo anatenganso zomwe Vosoughi ndi anzake anasonkhanitsa, n'kuyerekeza mizere yofanana kukula yokhayokha. Atatero, kusiyana kwa liwiro ndi kuzama kwa kufalikira pakati pa zabodza ndi zoona kunazimiririka. Ndiye kuti bodza linafikadi kwa anthu ambiri, koma silinayende m'njira yapadera. Mukaika mapepala awiriwa moyandikana, aphunzitsi anu adzaona kuti mwawerenga mkangano, simunangotola mitu.

Lina lochokera pa Twitter pomwepo ndi la Nir Grinberg ndi anzake, Science, 2019, lonena za chisankho cha ku America cha 2016. Analumikiza maakaunti oposa 16,000 ndi kaundula wa ovota, ndipo anapeza kuti munthu mmodzi mwa 1,000 aliwonse, kagulu kochepa zedi, ndi kamene kanatumiza pafupifupi 80 peresenti ya zochokera ku masamba abodza. Limathandiza kuziziritsa mtima wa amene amaganiza kuti aliyense akumira m'bodza. Koma anaweruza masamba athunthu, osati nkhani imodziimodzi, choncho bodza lolembedwa ndi nyuzipepala yodziwika, kapena lolankhulidwa ndi wandale pamsonkhano, silinawerengedwe.

Tsopano mbali imene imandikhudza kwambiri. Mu 2010 Brendan Nyhan ndi Jason Reifler analemba m'magazini ya Political Behavior kuti nthawi zina kuwongolera bodza kumalimbitsa munthu m'bodzalo. Chitsanzo chawo chodziwika chinali cha zida zoopsa zimene ankati dziko la Iraq linali nazo: ena a mbali imodzi ya ndale atauzidwa kuti sizinapezeke, anakhulupirira kwambiri kuti zinalipo. Ganizoli linafala mpaka m'maphunziro a atolankhani ndi a zaumoyo, ndipo ndakhalapo m'chipinda momwe mphunzitsi ankalangiza anthu kuti asamatsutse mphekesera chifukwa akatero aziwonjezera. Koma amene anayesedwa anali ophunzira a kukoleji mazana ochepa, ndipo sizinachitike pa nkhani zonse zimene anayesa. Thomas Wood ndi Ethan Porter anabwereza mu 2019, m'magazini yomweyo, pa anthu oposa 10,000 ndi nkhani 52, ndipo sanapeze kulimbitsidwa kotero. Anthu ambiri ankasunthira kuchoona, ngakhale chikutsutsa chipani chawo. Mukaika la 2010 lokha, mndandanda wanu womwewo udzakhala ukufalitsa chinthu chimene chinafooka kale. Komabe musamukweze Wood mopyola. Anayeza zomwe munthu amayankha atangowerenga chiwongolero, ndipo kuvomera mfundo imodzi sikutanthauza kuti wasintha amene adzamuvotere.

Porter ndi Wood omwewo anatulutsa lina mu PNAS mu 2021 lomwe linayesa kutsimikiza nkhani ku Argentina, Nigeria, South Africa ndi Britain, ndipo konseko kukhulupirira zabodza kunatsika. Ndi lofunika chifukwa kafukufukuyo anachitikira kunja kwa America.

La pafupi kwambiri ndi kwathu ndi la Jeremy Bowles, Horacio Larreguy ndi Shelley Liu, PLOS ONE, 2020. Anagwira ntchito ndi bungwe la Kubatana ku Zimbabwe nthawi ya korona. Bungweli linkatumiza mauthenga pa WhatsApp kwa anthu 27,000, ndipo ofufuza anasankha mwamaere kuti ena alandire uthenga asanafunsidwe mafunso, ena alandire pambuyo. Anthu 864 anayankha. Amene analandira kale ankadziwa bwino za matendawo, ndipo kuphwanya malamulo okhala pakhomo kunatsika ndi mapointi 30 pa 100. Kuti anthu asaname chifukwa cha mantha, sanawafunse mwachindunji ngati anatuluka. Anawapatsa zinthu zingapo n'kuwafunsa kuti ndi zingati zimene anachita, osatchula kuti ndi ziti. Njira imeneyi imateteza woyankha, koma imapereka nambala yogwedera, ndiye 30 ameneyo musamulembe ngati muyeso wokhazikika. Yerekezaninso 864 ndi 27,000: amene anayankha ndi ochepa, ndipo onsewo ndi anthu amene analembetsa okha chifukwa ankalikhulupirira kale bungwelo. Pepalali likutiuza zimene mthenga wokhulupirika angachite kwa omukhulupirira. Silikutiuza zimene zingachitike uthenga womwewo utachokera kwa munthu amene mudzi ukumukayikira.

Pomaliza pa zimene ndikanaika, buku la Luise White la mu 2000, Speaking with Vampires. Si la intaneti, ndipo mulibe maperesenti. Ndi la mbiri yakale, lotsatira mphekesera za opopa magazi kummawa ndi pakati pa Africa nthawi ya atsamunda, kuphatikizapo nkhani za opopa magazi otchedwa banyama ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia. White safunsa ngati nkhanizo zinali zoona. Amafunsa chifukwa chake zinkamveka zomveka kwa anthu amene ankatengedwa kukagwira ntchito kutali, kubayidwa jakisoni osafotokozeredwa, ndi kuona magalimoto achilendo usiku. Ife amene tikukumbukira za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pamene anthu anaphedwa ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, tikudziwa kuti mphekeserayo inayenda pakamwa, m'misika ndi pa maliro, ndipo inamvekaponso cha m'ma 2002. Palibe pepala la Twitter limene lingaione. M'ndemanga yanu nenani kuti bukuli limafotokoza tanthauzo la mphekesera koma silingayeze kufala kwake, silipereka njira yoithetsera, ndipo limadalira kwambiri zolemba za atsamunda ndi amishoni komanso zimene okalamba anakumbukira patapita zaka zambiri.

Pa matanthauzo, lipoti la Claire Wardle ndi Hossein Derakhshan la mu 2017, lolembedwera Council of Europe, likukwanirani. Limasiyanitsa bodza lofalitsidwa mosadziwa, bodza ladala, ndi choona chogwiritsidwa ntchito povulaza munthu. Muzitchula kuti ndi lipoti la bungwe osati kafukufuku woyesa, ndiponso kuti kusiyanitsako kumadalira cholinga cha munthu, chimene sichioneka pa uthenga wotumizidwa kakhumi.

Pa kasanjidwe, ngati aphunzitsi akufuna mayina motsatira alifabeti, tsatirani zimenezo, koma m'ndemanga ya Nyhan mutchule Wood, m'ndemanga ya Vosoughi mutchule Juul. Chilichonse mwa izi chifufuzeni pa Google Scholar polemba dzina la wolemba woyamba ndi chaka, kenako dinani "Cited by" kuti muone amene anabwera pambuyo pake kudzatsutsa kapena kubwereza. Ndipo musanalembe chiganizo cha malire, tsegulani gawo la njira zofufuzira mupeze nokha chiwerengero cha anthu, dziko, ndi zaka. Manambala amene ndalemba panowa muwatsimikize m'mapepala enieniwo musanawaike m'ntchito yanu.