Makilogalamu 20 muwapatse chaka

"Ndili ku Salima, ndimalemera makilogalamu 95 ndipo ndikufuna kufika pa 75 pofika Disembala, kuli ukwati wa mng'ono wanga. Kwatsala miyezi itatu. Zingatheke?"

Achemwali, Disembala wayandikira kwambiri. Kuti 20 onsewo achoke m'masabata 13, mungafunike kutsika kilogalamu imodzi ndi theka sabata iliyonse, pamene achipatala amalangiza theka la kilogalamu mpaka imodzi basi. Mukathamanga kuposa apo pogona ndi njala, minofu nayo imatha, chizungulire sichichedwa ndi kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala, ndipo thupi limadzabwerera mukangoyambanso kudya. Ine ndikuti ikani chaka chathunthu.

Poyamba yang'anani 90, ndipo mudzipatse miyezi iwiri. Masabata awiri oyamba sikelo ikhoza kutsika msanga, mwina makilogalamu awiri, makamaka mukachepetsa mitanda ya nsima ndi kusiya zakumwa za shuga. Ambiri mwa amenewo ndi madzi, choncho musawerengere miyezi yotsalayo pa liwiro limenelo. Komabe 90 si chinthu chochepa ayi: munthu akachotsa magawo asanu pa 100 a kulemera kwake, kuthamanga kwa magazi ndi shuga wa m'magazi zimayamba kusintha. Pa tsiku la ukwati mukakhala pa 88 kapena 89, ndiye kuti zikuyenda bwino lomwe, ndipo telala adzafunika kubweza diresi m'chiuno.

Kuchokera pa Khirisimasi mpaka pakati pa Januwale musadziikire chiwerengero chatsopano. Mpunga wa maphwando, mvula yolepheretsa kuyenda m'mawa, zonsezo zilipo. Kungoima pomwe mulipo kwakwana. Kenako 85 cha mu Malichi, 80 cha mu Juni, 75 cha mu Sepitembala. Mwaona kuti makilogalamu asanu aliwonse a kumapetowa ndawapatsa miyezi itatu? Thupi likachepa limagwiritsa ntchito chakudya chochepa, ndiye mbale yomwe inkakutsitsani muli pa 95 imadzangokusungani pamalo amodzi muli pa 82.

Muzikwera sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, sikelo yomweyomweyo, ndipo muzilemba m'kope. Kamodzi pa mwezi yezani mimba ndi tepi ya telala podutsa pamchombo. Sikelo ikaima masabata awiri musade nkhawa, nthawi ya kumwezi thupi limasunga madzi. Ikaima masabata anayi, tepi nayonso osasuntha, sinthani chinthu chimodzi chokha: usipa kapena chambo muziwotcha m'malo mokazinga, kapena onjezerani mphindi 15 pa kuyenda kwanu.

Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, kauzeni adokotala musanayambe, chifukwa thupi likamatsika mlingo wa mankhwalawo ungafunike kusintha. Ndipo mukaona mukutsika msanga kuposa mmene mwachepetsera chakudya, kuphatikizapo ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, chifuwa chosapola kapena thukuta la usiku, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga, TB ndi HIV.