Mpata woti musiye pothira dizilo m'diramu

"Ndili ndi chigayo ku Chikwawa. Ndinadzaza dizilo m'diramu m'mawa mpaka pakamwa n'kutseka zolimba. Pofika masana diramu inali itatupa pamwamba, mafuta akudontha pachotsekera. Chachitika n'chiyani, ndipo ndizisiya mpata waukulu bwanji?"

Bambo, diramu yanuyo sikuti inali yowonongeka ayi. Mafuta akatentha amafufuma, ndipo chitsulo chimene chawasunga chimafutukuka pang'ono kwambiri poyerekeza ndi iwo. Komanso mafuta sapanikizika. Mpweya mutha kuufinya n'kukwana pamalo ochepa, koma dizilo akafuna malo amawapeza basi, kaya potukumula chitsulo kapena podutsa pamphira wa chotsekera.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Malita 200 a dizilo amawonjezeka ndi malita pafupifupi 1.7 kutentha kwake kukakwera ndi madigiri 10. Tinene kuti munathira ali ozizirira, pa madigiri 20. Diramu yakuda ikakhala padzuwa la Okutobala kuchigwa cha Shire, si zachilendo kuti mafuta a m'katimo afike madigiri 45 kapena 50, chifukwa chitsulo chimatentha kuposa mpweya wapanja. Madigiri 30 owonjezerawo ndi malita 5 athunthu amene analibe kolowera. Petulo akanawonjezeka ndi malita pafupifupi 6, palafini chimodzimodzi, mafuta ophikira pafupifupi 4. Madzi ndiwo amafufuma pang'ono, lita imodzi kapena ziwiri, n'chifukwa chake amene anazolowera kutungira madzi m'madiramu saona vuto kudzaza mpaka pakamwa.

Tsono apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. Munthu akamva kuti mafuta awonjezeka ndi malita 5, amaganiza kuti akasiya mpata wa malita 6 zatheka. Koma mumpatamo muli mpweya, ndipo mukatseka ulibe kotulukira. Mafuta akakwera, mpweya wa malita 6 uja umafinyidwa kuti ukwane pa lita imodzi, ndiye kuti ukanakankha kasanu n'kamodzi kuposa poyamba. Diramu siingadikire kufika pamenepo, imayamba yatupa. Mukasiya malita 20, mpweya umangotsika kufika pa malita 15, ndipo ngakhale nawonso watentha, mphamvu yake imawonjezeka ndi theka lokha la mmene inalili. Zimenezo diramu yabwinobwino imapirira. Choncho mpata uyenera kuposa kufufuma kwa mafuta katatu kapena kanayi.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Diramu yachitsulo imene timati ya malita 200 imalowa malita pafupifupi 216 ikadzaza mpaka pakamwa, ndipo m'kati mwake ndi motambalala masentimita 57. Sentimita imodzi ya kuya kwake ndi malita awiri ndi theka. Dulani kamtengo koyera, lembani chizindikiro pa masentimita 8 kuchokera kunsonga, kalowetseni pabowo lalikulu mpaka chizindikirocho chifanane ndi denga la diramu. Nsonga ikangonyowa, siyani kuthira. Masentimita 8 amenewo ndi malita 20 aja. Diramu ikhale itaima chilili pamalo osapendekeka, apo ayi kamtengoko kakunamizani.

Petulo ndimamuopa kuposa dizilo. Kuwonjezera pa kufufuma, amatulutsa nthunzi yambiri akatentha, ndipo nthunziyo imakankha payokha ngakhale diramu ili theka. Siyani masentimita 10, koma dziwani kuti mpata wokha sukwanira, pamafunika mthunzi.

Diramu yopanikizika imadziwika. Denga limatukumuka, pansi pamatupa moti imagwedera mukaikhudza, ndipo fumbi limamatirira mozungulira chotsekera. Mukaiona choncho musathamangire ndi sipanala dzuwa lili paliwombo, mafuta angakuthovukireni kumaso. Ikokereni pamthunzi mosamala, kapena iphimbeni ndi masaka onyowa, idikireni izizire. Kenako masulani chotsekera chaching'ono pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali, mpaka mpweya usiye kulira. Fodya ndi moto zikhale kutali.

Madzulo zinthu zimatembenuka. Mafuta akazizira amabwerera, ndipo diramu imene inatulutsa mpweya masana imayamba kukoka wapanja. Phokoso limene mumamva usiku kuti "gu!" ndi denga likubwerera m'malo mwake. M'nyengo yamvula zimenezi zimawononga injini, chifukwa madzi amene adikha pamwamba pa diramu amakokedwa kudzera pachotsekera n'kukakhala pansi pa dizilo, kenako n'kukathera mupampu ya chigayo chanu. Ngati diramu ikhala panja, ikani kathabwa pansi mbali imodzi kuti ipendekeke pang'ono, madzi azidikha kutali ndi zotsekera zonse ziwiri. Ija inatupa kale, onani m'mphepete momwe denga linalumikizidwa ndi thupi. Ngati pali ponyowa, musaikemonso mafuta.