Madayisi awiri ndi timiyala khumi: masewera ophunzitsa masamu a mwayi

"Ndimaphunzitsa masamu a mwayi woti chinthu chichitike. Ndinapanga masewera a pabolodi oti wosewera aziyankha funso asanasunthe kamwala kake, koma achinyamata anga amatopa nawo msanga. Ndisinthe chiyani?"

Aphunzitsi, chotsani mafunsowo, chifukwa achinyamata sachedwa kuzindikira mayeso ngakhale mutawabisa m'masewera. Masamu ayenera kukhala m'zimene wosewera akusankha, kotero kuti amene wawamvetsa azipambana kawirikawiri popanda womufunsa kanthu.

Jambulani mabokosi 12 pakatoni ndipo muwalembe manambala kuyambira 1 mpaka 12. Wosewera aliyense akhale ndi katoni yake ndi timiyala 10, ndipo atiike m'mabokosi amene wafuna, ngakhale tonse m'bokosi limodzi. Akaponya madayisi awiri, aphatikize manambala amene atuluka, ndipo aliyense amene ali ndi kamwala pa nambala imeneyo achotse kamodzi. Woyamba kumaliza timiyala take ndiye wapambana. Popeza onse amachotsa nthawi imodzi, palibe amene amangokhala n'kumadikira.

Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Mwa zimenezi, njira 6 zimapereka 7, njira 5 zimapereka 6 ndipo zina 5 zimapereka 8, pamene 2 ndi 12 ali ndi njira imodzi yokha aliyense. Musawauze zimenezi. Amene waika kamwala pa 1 adzazindikira yekha kuti nambalayo singatuluke, ndipo anzake sadzalola kuti aiwale. Chosangalatsa kwambiri chimabwera pamene wina wazindikira kuti 7 amatulukatuluka n'kuunjika timiyala tonse pamenepo. Popeza 7 amabwera pafupifupi kamodzi pa maulendo 6 alionse, iye amafunika kuponya pafupifupi ka 60, pamene mnzake amene waika tiwiritiwiri pa 5, 6, 7, 8 ndi 9 nthawi zambiri amamaliza iye asanafike n'komwe kumapeto.

Vuto limayamba onse akatulukira kaikidwe kabwino, ndipo mudzadziwa mukaona kuti makatoni awo afanana ndiponso akuika timiyala osaganizira. Pamenepo onjezerani lamulo lakuti woponya asankhe pakati pa kuphatikiza manambala ndi kuchotsera wamng'ono pa wamkulu, ndipo chimene wasankhacho chigwire onse. Zinthu zimatembenuka, chifukwa kusiyana kwa 1 kumatuluka m'njira 10 mwa 36, ndiye bokosi limene ankaliseka lija limakhala lamtengo wapatali. Komanso woponya ayenera kuyang'ana makatoni a anzake kuti asawathandize.

Chenjerani ndi masewera amodzi okha, chifukwa amatha kuphunzitsa zolakwika. Mwayi woti 7 asatuluke n'komwe pa maulendo 10 ndi pafupifupi 16 pa 100, choncho gulu lina lidzakuuzani kuti nambalayo ndi yatsoka. Gulu lililonse lizilemba kamzere pa nambala iliyonse imene yatuluka pophatikiza, ndipo muphatikize timizere ta magulu onse pabolodi musanawasonyeze njira 36 zija.