Kuyandikana kwa mawu m'kompyuta si kufanana kwa matanthauzo

Funso: "Ndagwiritsa ntchito `word2vec` pa nkhani za Chichewa, ndipo mawu ena akuyandikana kwambiri. Kodi ndinganene kuti ndi ofanana matanthauzo?"

Ayi achimwene, umboni umenewo paokha sukukwanira. Njira imeneyi, yomwe Tomas Mikolov ndi anzake anaitulutsa mu 2013, imapatsa liwu lililonse mndandanda wa manambala potengera mawu amene amalizungulira m'ziganizo, choncho chimene imayeza ndi kufanana kwa malo amene mawuwo amapezekamo. Taonani "kutentha" ndi "kuzizira". Kuno ku Lilongwe timati "kunja kwatentha kwambiri" mu Okutobala, ndipo mu Juni timati "kunja kwazizira kwambiri". Mawu oyandikana nawo ndi omwewo, motero kompyuta idzawaika pafupi ngakhale ali otsutsana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi liwu lakuti "mtengo". Mayi wogulitsa pamsika wa Lizulu akati "mtengo wa mango wakwera" akunena za ndalama, pomwe mwana amene wakwera mtengo wa mango ali pa nthambi, koma `word2vec` imasakaniza matanthauzo awiriwa mu mndandanda umodzi.

Musanalembe zotsatira zanu, sinthanitsani mawu awiri amene akuyandikanawo m'chiganizo chimodzi, kenako mufunse olankhula Chichewa ngati uthenga wake wasintha.