Moni amatsika, zolankhula zimakwera

"Mwezi wamawa akudzatipatsa mdadada watsopano pasukulu pathu kuno kwa Bvumbwe, ndipo andisankha kutsogolera mwambo. Mlendo wolemekezeka ndi bwanamkubwa wa boma, komanso kubwera a phungu, a khansala, mafumu ndi abusa. Ndiyambire ndani? Tulo sindikutiona."

Achimwene, kalata yanuyi yandikumbutsa nkhuku yanga. Inde, nkhuku, tambala wofiira amene ndinalipira pamwambo ngati wanuwo.

Kunali kutsegulira mjigo kumudzi kwina ku Mulanje, cha kunjira ya ku Muloza. Ine nthawi imeneyo ndinkadziona wodziwa kuyankhula, ndiye pepala sindinalembe. Dzuwa linali litakwera, alendo atachedwa maola awiri, ndipo wina wa bungwe lomwe linakumba mjigowo anandinong'oneza kuti tidule zina. Ndinadula. A nyakwawa atangomaliza kulandira alendo, ndinalumpha a gulupu n'kuitana mfumu yaikulu.

Mfumu yaikuluyo sinadzuke. Inangoyang'ana pansi ngati sinamve. Ndinabwereza, chimkuzamawu chili pakamwa, koma zii. Kenako ndinaona a gulupu akutola chipewa chawo, akunyamuka pang'onopang'ono, ndipo anyamata a tchopa, omwe anali a m'mudzi mwawo, ananyamula ng'oma n'kuwatsatira. Gule sanavinidwe tsiku limenelo. Mawa lake ndinapita ndi amalume kukapepesa, tambala ali kukhwapa.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti mfumu yaikulu siitanidwa ndi wotsogolera mwambo ngati mwana wasukulu. Amaiitana ndi a gulupu, ndipo a gulupuwo amaitanidwa ndi a nyakwawa, eni bwalo. Nditalumpha a gulupu ndinachotsa munthu yekhayo woyenera kuidzutsa mfumuyo pampando. Makwerero ake ndi awa: nyakwawa, gulupu, mfumu yaing'ono yothandizira dera ngati ilipo, mfumu yaikulu, kenako mafumu okwezedwa pamwamba pake. Mukapita ku Chonde mu Okutobala pa Mulhako wa Alhomwe, tcherani khutu mumve mmene amatchulira Mwene wa Mamwene, mfumu ya mafumu onse a Alhomwe. Palibe amathamangira pamenepo.

Ndipo ndinene pano, chizolowezi chatsopanochi chomangoti "nonse mulemekezeke malinga ndi maudindo anu" munthu asanatchule aliyense, ine chimandinyansa. Ndi ulesi. Mawu amenewo ndi a wolankhula wachinayi kapena wachisanu, pamene mayina amveka kale. Inu otsegula mwambo mulibe ufulu umenewo. Agogo ayenda wapansi kuchokera kuseri kwa minda ya tiyi, avala mkanjo wawo waufumu, ndiye muwaphatikize m'mawu oti "nonse"? Ayi.

Andale nawonso ali ndi zawo. Kuyambira 2005 mpaka 2014 kunalibe makhansala, choncho ambiri tinazolowera phungu yekha. Atabwerera, mikangano ya mipando inabwera nawo. Ndinaonapo khansala atakwiya chifukwa dera lake analitchula molakwika, osati dzina, dera chabe.

Ndiye inu muchite chiyani

Lembani mapepala awiri, chifukwa moni amayambira pamwamba kutsika, pamene zolankhula zimayambira pansi kukwera.

Pa moni yambani ndi mlendo wolemekezeka, bwanamkubwa wa boma la Thyolo. Amayamba iyeyo chifukwa cha mpando wa tsikulo, ngakhale pabwalopo pali wina womuposa. Ine ndikanatsatiza a phungu, mfumu yaikulu, a khansala, akuluakulu a maphunziro a boma ndi a zoni, magulupu ndi nyakwawa, atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu, komiti ya sukulu, aphunzitsi, makolo, n'kumalizira ana. Pakati pa phungu, wapampando wa khonsolo ndi mfumu m'pamene anthu amasiyana, choncho tumizani mndandandawo ku ofesi ya bwanamkubwa kutatsala masiku angapo, auwone. Akasintha iwo, mlandu si wanunso.

Pa zolankhula tembenuzani pepala. Pemphero, a nyakwawa, a gulupu, mphunzitsi wamkulu, omanga mdadada, a khansala, mfumu yaikulu yomwe aidzutse ndi a gulupu, a phungu, ndipo a phunguwo apemphe mlendo wolemekezeka. Iye akalankhula, nkhani zatha. Chotsala ndi kudula riboni, mawu othokoza ndi pemphero lotsekera.

Tchulani udindo poyamba, dzina pambuyo, ndipo mfumu muitchule ndi dzina laufumu, osati lakubadwa. Wina akatuma nthumwi, nenani "oimira a phungu" pamalo a phungu pomwepo, ngakhale nthumwiyo ndi kamnyamata. Wamkulu akafika mwambo uli mkati, musadule wolankhula pakamwa. Dikirani amalize, mumulonjere wofikayo, mupitirize. Ndipo m'mawa wa tsikulo ikani mwana wakhama pakhomo ndi cholembera, azikubweretserani dzina la gulupu aliyense amene watulukira osaitanidwa. Amatulukira ndithu, ndipo amakhala kutsogolo.