Funso liyambe, dzina la chinthucho libwere pambuyo

"Andipatsa mphindi 10 Loweruka kuti ndifotokozere mamembala atsopano a banki mkhonde za chiwongoladzanja chomwe chimaberekanso chinzake. Ndapanga kale masilaidi 18 mu PowerPoint koma sindikudziwa kuti ndiyambe ndi iti. Ndiwasanje bwanji?"

Achemwali, musanagwire kompyuta tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi, chomwe mukufuna kuti mayi amene anali mumsonkhanomo akauze amuna awo akafika kunyumba. Pa nkhani yanuyi chikhoza kukhala ichi: "Ukachedwa kubweza, chiwongoladzanja chimalowa m'ngongole n'kuyamba kubereka nachonso." Kenako onani masilaidi anu m'modzim'modzi. Silaidi iliyonse imene sikuthandiza munthu kumvetsa chiganizochi ichoke, ngakhale munaikongoletsa usiku wonse. Mbiri ya gulu, malamulo a masheya, zithunzi za tsiku logawana, zonsezo n'zabwino koma zidikire tsiku lina. Ine ndikanatsala ndi masilaidi 7, okwanira mphindi zisanu ndi zitatu ndi theka. Mphindi ndi theka yotsalayo musaiwerengere, imathera pa anthu obwera mochedwa, pulojekita yovuta kuyaka ndi funso lomwe wina aponye pakati.

Pa kasanjidwe, ambirife tinazolowera za kusukulu: tanthauzo poyamba, mitundu yake, kenako chitsanzo kumapeto nthawi ikatsala. Kwa anthu amene akumva chinthu koyamba njira imeneyi imawataya pa mphindi yoyamba, chifukwa mwawapatsa dzina la chinthu chomwe sanachione. Tembenuzani. Yambani ndi funso, aoneni akuyankha momwe akudziwira, awonetseni pamene yankho lawo laperewera, ndipo dzina la chinthucho libwere iwo atachiona kale chikuchitika.

Silaidi yoyamba ikhale funso lokha, m'zilembo zikuluzikulu: "Mwakongola K10,000 pa 20 peresenti pamwezi. Simunabweze kalikonse miyezi itatu. Ngongole yafika pa zingati?" Khalani chete pang'ono, asowe mtendere, ayankhe. Ambiri anena K16,000. Musawatsutse. Silaidi yachiwiri ilembe kuwerengera kwawoko mwaulemu: K2,000 mwezi uliwonse, katatu, K6,000, kuphatikiza K10,000. Auzeni kuti kumeneku n'kulondola ngati gulu limawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yoyamba yokha. Masilaidi awiriwa asapitirire mphindi ziwiri.

Mtima wa nkhani uli pa silaidi yachitatu ndi yachinayi, ndipo apa musaumire nthawi, perekani mphindi zitatu zathunthu. Yachitatu iyende mwezi ndi mwezi. Mwezi woyamba ukatha, ngongole ndi K12,000. Mwezi wachiwiri 20 peresenti ikuwerengedwa pa K12,000, ndiye chiwongoladzanja ndi K2,400, ngongole yafika K14,400. Imani pamenepa. Lozani K400 yoonjezerayo muwafunse kuti yachokera kuti. Wina akanena kuti yabadwa kuchokera ku K2,000 ya mwezi watha, ntchito yanu yatheka, zotsalazo n'kungotsindika. Mwezi wachitatu chiwongoladzanja ndi K2,880, ngongole K17,280. Mizere itatuyi isatuluke pamodzi, chifukwa maso amathamangira nambala yapansi ndipo makutu amasiya kumva. Itulutseni umodziumodzi pogwiritsa ntchito Appear pa Animations, kapena ingokoperani silaidiyo katatu n'kumaonjezera mzere umodzi. Ngakhale masamba achuluke, mfundo ikadali imodzi.

Yachinayi iyike njira ziwirizi pambalipambali. Pa miyezi itatu ndi K16,000 ndi K17,280, ndipo wina anganene kuti kusiyanako n'kochepa. Ndiye onetsani miyezi isanu ndi umodzi: K22,000 mbali iyi, pafupifupi K29,860 mbali inayo. Ndalama ija yatsala pang'ono kufika katatu. Mipiringidzo iwiri, wamfupi ndi wamtali, ikwanira. Tebulo la mizere khumi ndi iwiri lisiyeni.

Apa tsopano ndi pamene silaidi yachisanu ibwere ndi chiganizo chanu chija cha papepala, pamodzi ndi dzina limene gulu lanu limatchula chinthuchi. Mphindi imodzi. Ngati munalemba fomula ya masamu yokhala ndi mabulaketi ndi kanambala kam'mwamba, ichotseni. Siiwonjezera kanthu kwa munthu amene wangoona K400 ikubadwa, ingomuuza kuti nkhaniyi ndi ya ophunzira.

Silaidi yachisanu ndi chimodzi ndi imene anthu amaidumpha nthawi ikachepa, koma ine ndingalole kudula ina iliyonse kusiyana ndi iyi. Apatseni chowerengera chawo: K5,000 pa 10 peresenti, miyezi iwiri osabweza. Akambirane awiriawiri kwa mphindi imodzi. Yankho ndi K6,050. Mukamva ambiri akuti K6,000, dziwani kuti akadali pa kuwerengera kwakale, ndipo kugwedeza mitu konse kuja kunali ulemu chabe. Zikatero bwererani pa mwezi wachiwiri wa silaidi yachitatu, mufunsenso za K400 ija. Funso loti "mwamva?" silingakuuzeni zimenezi, kwathu kuno aliyense amati eee.

Yomaliza iwapatse chochita chimodzi: asanasaine ngongole afunse kuti, "Ndikachedwa, chiwongoladzanja muwerengera pa ndalama yoyamba kapena pa yonse?" Musatseke ndi silaidi ya "Zikomo", chifukwa yomaliza ndi imene imakhala pakhoma nthawi yonse ya mafunso. Komanso fufuzani kaye malamulo a gulu lanu kuti mudziwe njira imene amatsata ndi peresenti yake, popeza magulu amasiyana. Manambala anga ndi achitsanzo, ikanimo anu, kuopa kuti msungichuma angakutsutseni pagulu anthu n'kuiwala phunziro lonse.

Pali njira yosavuta yoonera ngati kasanjidwe kagwira. Mutu wa silaidi iliyonse ukhale chiganizo chonena kanthu. M'malo molemba "Chitsanzo", lembani "Mwezi wachiwiri wabereka K400 yoonjezera". Kenako pitani pa View, musankhe Slide Sorter, muwerenge mitu yokhayo motsatizana mokweza mawu. Ikamveka ngati nkhani yoyenda, zili bwino. Pamene mwakakamira n'kuyamba kunena kuti "tsopano tionenso mbali ina", pamenepo pali silaidi yosochera kapena mfundo yachiwiri yomwe yalowa mozemba. Chizindikiro china ndi mawu oti "izi ndifotokoza kutsogoloku". Mukadzimva mukutero, mwaika chinthu patsogolo pa chimene chimayenera kuchitsogolera.

Kukula kwa zilembo kusachepere 28, ndipo ngati mfundo sikukwana pa kukula kumeneko ndiye kuti mawu achuluka. Yesererani mutaimirira, mukulankhula Chichewa chomwe mukalankhule tsikulo, chifukwa kuwerenga chamumtima kumanamiza, kumafulumira kwambiri. Rehearse Timings pa Slide Show imakuonetsani mphindi zomwe mwathera pa silaidi iliyonse. Mukapitirira nthawi, musafulumize pakamwa, phatikizani silaidi yachinayi ndi yachisanu. Pa nthawi imene anthu akuwerengera okha kapena wina akufunsa, kudina batani la B kumadetsa sikirini kuti maso abwerere kwa inu, ndipo mukalidinanso silaidi imabwerera.

Magetsi akhoza kuzima, choncho lembani funso loyamba, mizere itatu ija ndi chowerengera cha K5,000 pa mapepala akuluakulu atatu, munyamule pamodzi ndi chomatira. Ngati mungapeze munthu wa pakhomo amene sali m'gulu, mufotokozereni Lachisanu madzulo, mumpatse chowerengeracho muone ngati afike pa K6,050.